Mmene mungatsimikizire ndalama zimene kampani yonyamula phukusi lochokera kunja ikukuitanitsani

Mchemwali wanga amene amakhala ku America anatumiza nsapato mapeyala atatu za ana anga kuno ku Nchalo, ndipo pondiimbira foni ananenetsa kuti walipira zonse, ine changa ndi kungolandira. Patatha masiku asanu ndi anayi, kampani imene inanyamula phukusilo inandiimbira kuchokera ku Blantyre kuti katundu wafika, koma sangatuluke ndisanapereke K206,287.50. Mtima unandipweteka, chifukwa nsapato zomwezo zinagulidwa pa mtengo wofanana ndi K210,000, ndiye kuti ndinkafunika kuzigulanso kachiwiri. Ndinaganiza kuti akufuna kundibera, koma nditaitanitsa mapepala ndi kuwerengera ndekha, ndinapeza kuti ndalama zambiri pamenepo zinali msonkho weniweni wa boma, ndipo gawo locheperapo ndilo linali la kampaniyo. Malangizo ali m'munsiwa akutsata njira imene ndinayenda, kuti wina wa ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje asakwere minibasi kupita ku Blantyre asanadziwe chimene akukalipira, komanso kuti asatumize ndalama kwa munthu amene alibe phukusi lililonse.

Chiyambi cha kusamvana n'chakuti mawu akuti "ndalipira zonse" amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Wotumiza amalipira mtengo wonyamulira katundu kuchoka kumene ali kufika kuno, ndipo kwa iye nkhani yathera pomwepo. Koma katundu aliyense wolowa m'dziko amadutsa kaye m'manja mwa akasitomu a bungwe lotolera msonkho la MRA, ndipo msonkho umenewo ndi wa dziko lolandira, osati la wotumiza. Kampani yonyamula siingakupatseni phukusi limene akasitomu sanalimasule, choncho imalemba chikalata cholowetsera katunduyo m'malo mwanu, nthawi zambiri imalipiriratu msonkho ndi ndalama zake, kenako imabwera kwa inu kuti muibwezere pamodzi ndi malipiro a ntchito imene yagwira.

Choyamba: tsimikizani kuti phukusi lilipodi

Musanakambe za ndalama ndi munthu aliyense, funsani wotumiza kuti akupatseni nambala yolondolera phukusi, ndipo ichokere kwa iye mwini, osati kwa amene wakuimbirani. Ngati latumizidwa pa positi, nambalayo imakhala ndi zizindikiro 13: zilembo ziwiri, manambala asanu ndi anayi, kenako zilembo ziwiri za dziko limene lachokera, monga US, GB kapena CN. Ngati latumizidwa kudzera ku kampani yonyamula mwachangu, nambalayo imalembedwa pa chikalata chimene pamwamba pake pamaoneka mawu akuti Waybill. Lembani nambalayo pa tsamba la intaneti la kampaniyo, tsamba limene mwalipeza nokha, osati kudina ulalo umene wabwera mu uthenga. Mudzaona njira yonse imene phukusi layenda, ndipo ngati lili ndi akasitomu pamalembedwa mawu ngati Held in customs kapena Clearance event.

Ndatsindika zimenezi chifukwa akuba anaphunzira chilankhulo cha makampaniwa. Kuno kuchigwa nkhani zake zimafanana: munthu amene mwadziwana naye pa Facebook akuti wakutumizirani foni, laputopu ndi ndalama mu envelopu, kenako wina amaimba kuti ali pa bwalo la ndege ndipo mutumize ndalama pa nambala yake ya foni lero lomwe. Zizindikiro zake ndi zitatu. Amakufulumizitsani, amafuna ndalama zipite pa nambala ya munthu osati ku akaunti ya kampani, ndipo mukangotumiza koyamba pamabuka chindapusa china. Kampani yeniyeni imakutumizirani invoisi yolembedwa dzina lake, nambala yake ya msonkho ya TPIN ndi nambala ya phukusi lanu, ndipo siikwiya mukanena kuti muimbiranso mawa. Ngati simukuyembekezera katundu kuchokera kwa munthu amene mukumudziwa, palibe chimene muyenera kulipira.

Chachiwiri: funsani wotumiza kuti anasankha chiyani pa nkhani ya msonkho

Potumiza, makampani ambiri amafunsa kuti msonkho wa kumene katundu akupita alipire ndani. Pa chikalata cha phukusi yankho lake limaoneka ngati zilembo zitatu. DDP imatanthauza kuti wotumiza wavomera kulipira msonkho wonse, ndipo wolandira sayenera kuitanitsidwa kanthu. DAP imatanthauza kuti wotumiza walipira ulendo wokha, msonkho ndi wa wolandira. Mapepala ena akale kapena a masitolo a pa intaneti amalemba DDU, ndipo tanthauzo lake kwa inu ndi lofanana ndi DAP. Muuzeni wotumiza ajambule chikalatacho ndi foni n'kukutumizirani. Cha mchemwali wanga chinalembedwa DAP, ndipo iye sankadziwa n'komwe kuti panali kusankha, chifukwa kalaliki wa kumeneko anangolemba zimene amalemba masiku onse. Mukapeza DDP koma akukuitanitsanibe msonkho, musalipire; tumizani chithunzicho ku ofesi ya kampaniyo ndipo wotumiza adandaule kumene analipira, pakuti mgwirizano wa ulendowo uli pakati pa iye ndi kampaniyo.

Chachitatu: itanitsani mapepala awiri, osati chiwerengero chimodzi

Pa foni adzakuuzani chiwerengero chimodzi chokha, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amagonja kapena kukwiya popanda kudziwa chimene akukwiyira. Nenani mwaulemu kuti mukufuna mapepala awiri pa imelo kapena pa WhatsApp. Loyamba ndi la akasitomu, losonyeza mmene msonkho wawerengedwera. Limachokera mu makina a ASYCUDA World amene MRA imagwiritsa ntchito, ndipo chikalata cholowetsera katundu chimadziwika kuti Form 12. Lachiwiri ndi invoisi ya kampani yonyamulayo, yosonyeza malipiro ake. Pa mapukusi ang'onoang'ono kampani imatha kulowetsa angapo pamodzi, koma ngakhale zili choncho iyenera kukuonetsani mtengo umene unalembedwa pa lanu, mlingo wa msonkho ndi ndalama zimene zinapita ku boma. Mayi amene anandiyankha ku ofesi anangoti, "Bambo, dikirani pang'ono ndikutumizireni," ndipo mapepala onse awiri anafika tsiku lomwelo. Amene akukana kukuonetsani pepala la akasitomu pamene akunena kuti ndalamazo ndi msonkho, ameneyo ndi woyenera kumukayikira.

Chachinayi: werengerani nokha msonkho

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kukhala pansi ndi cholembera. Akasitomu sawerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha. Amaphatikiza zinthu zitatu: mtengo umene katunduyo anagulidwira, ndalama za inshulansi, ndi mtengo womunyamulira kufika m'dziko muno. Pa mapepala chiphatikizo chimenechi chimalembedwa kuti CIF. Anthu ambiri amadabwa kuti mtengo wa ulendo umene wotumiza analipira kale ukuwerengedwanso, koma saubweza kachiwiri ayi. Amangouika m'gulu la mtengo umene msonkho umatengedwapo, chifukwa kwa akasitomu mtengo wa chinthu ndi zonse zimene zinawonongedwa kuti chifike pa malire a dziko. Ichi n'chifukwa chake katundu wotchipa koma wolemera, wobwera pa ndege, amatha kukhala ndi msonkho woposa mtengo wake.

Pa phukusi langa nsapato zinali madola 120, ulendo madola 70, inshulansi madola 10, zonse pamodzi madola 200. Ndalamazi amazisintha kukhala makwacha pa mlingo wovomerezeka umene akasitomu akugwiritsa ntchito tsiku limene chikalata chalembedwa, osati mlingo wa anyamata osintha ndalama mumsewu, komanso osati wa tsiku limene katundu anagulidwa. Kusiyana kwa masikuku kumaoneka kochepa, koma amene katundu wawo anali panjira mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, anapeza msonkho wawo utakwera kwambiri pa katundu yemweyo. Pa pepala langa mlingo unali K1,750 pa dola imodzi, zimene zikupereka K350,000.

Pa ndalama imeneyi pamayamba kubwera dyute, msonkho wolowetsera katundu. Mlingo wake umadalira mtundu wa chinthu: zipangizo zopangira zinthu zina zimakhala ndi mlingo wotsika kapena sizilipira n'komwe, pamene zinthu zopangidwa kale monga zovala ndi nsapato zimakhala m'gulu lokwera. Pa pepala langa panalembedwa 25 peresenti. Kenako, pa zinthu zina zokha, pamabwera msonkho wa ekisaizi, umene umawerengedwa pa mtengo uja ataphatikizapo kale dyute. Pomaliza pamabwera VAT, imene imawerengedwa pa zonse pamodzi, mtengo, dyute ndi ekisaizi ngati ilipo. Pa nthawi ya phukusi langa VAT inali 16.5 peresenti. Milingo imeneyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho inu tengani imene yalembedwa pa pepala lanu, koma ndondomeko ya kawerengedwe ndi yomweyi:

```
CIF  = 200 x 1,750        = 350,000.00
Duty = 350,000 x 25%      =  87,500.00
VAT  = 437,500 x 16.5%    =  72,187.50
Duty + VAT                = 159,687.50
```

Taonani kuti VAT sinatengedwe pa K350,000 koma pa K437,500, ndiye kuti msonkho wakwera pamwamba pa msonkho unzake. Munthu amene angangophatikiza 25 ndi 16.5 angayembekezere 41.5 peresenti, koma zoona zake ndi pafupifupi 46 peresenti ya mtengo wonse, ndipo poyerekeza ndi mtengo wa nsapato zokha ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Chiwerengero changa chitafanana ndendende ndi cha pa pepala, mkwiyo wanga pa kampaniyo unaphwa, chifukwa K159,687.50 yonse inali ya boma, ndipo ngakhale ndikanapita ndekha kukaima pamaso pa ofisala sakanachotsapo tambala.

Chachisanu: fufuzani malo atatu amene zinthu zimalakwika

Masamu akagwirizana sizitanthauza kuti zonse zili bwino, pakuti makina amawerengera molondola ngakhale manambala amene apatsidwa ali olakwika. Malo oyamba kuyang'ana ndi mtengo wa katundu. Lamulo lalikulu ndi lakuti akasitomu atenge mtengo weniweni umene unalipiridwa, koma iwo amaona zimene wotumiza analemba pa invoisi kapena pa fomu ya positi ya CN22 kapena CN23 imene imamatidwa pa phukusi. Abale athu akunja kawirikawiri amakweza mtengo dala, poganiza kuti katundu akatayika adzabwezeredwa zambiri, osadziwa kuti akusenzetsa mtolo wolandira. Mchemwali wanga akanalemba madola 300 m'malo mwa 120, mtengo wonse ukanakhala madola 380, kapena K665,000, ndipo msonkho ukanafika K303,406.25, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ena amachita zosemphana ndi zimenezi, amalemba madola 10 pa foni yatsopano ili m'bokosi lake. Ofisala akatsegula n'kuona, amakana mtengowo, amaika wake poyerekeza ndi katundu wofanana naye, ndipo lamulo limamulola kulipiritsa chindapusa kapena kulanda katundu chifukwa cha kulemba bodza. Wovutika ndi inu amene dzina lanu lili pa phukusi. Yang'ananinso chizindikiro cha ndalama, chifukwa ndalama ya ku South Africa, imene imalembedwa ZAR, ikalowetsedwa molakwika ngati USD msonkho umawirikiza kakhumi ndi kupitirira, ndipo kulakwitsa kotere n'kosavuta kukonza mukakuona msanga.

Malo achiwiri ndi nambala ya mtundu wa katundu, imene pa pepala imalembedwa HS code kapena Commodity code. Imeneyi ndi ndondomeko ya dziko lonse lapansi imene inayamba kugwira ntchito mu 1988, ndipo manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana m'mayiko onse amene amaitsata. Nsapato zonse zili m'mutu 64: za chikopa pamwamba zimayamba ndi 6403, za nsalu pamwamba monga zothamangira zimayamba ndi 6404. Mafoni ali pa 8517, mabuku osindikizidwa pa 4901, zovala zatsopano m'mitu 61 ndi 62. Simukuyenera kuloweza zimenezi, koma werengani mawu ofotokoza katundu amene ali pambali pa nambalayo ndi kuona ngati akunena chinthu chimene chili m'bokosi mwanu. Vuto limabwera pamene wotumiza wangolemba mawu osamveka monga "Gift", "Parts" kapena "Samples", chifukwa wolemba chikalata amangoganizira, ndipo kachipangizo ka pampu yothirira mbewu kamene kakanakhala m'gulu lotsika kakhoza kulowa m'gulu lokwera. Kwa alimi a m'masikimu a mthirira kuno ku Chikwawa amene amaitanitsa tizipangizo ta mapampu, kulakwitsa kumeneku ndi kumene kumadya ndalama zambiri, ndipo mankhwala ake ndi kupereka dzina lenileni la chipangizocho, ntchito yake, chimene chinapangidwa nacho ndi chithunzi.

Malo achitatu ndi dziko limene katundu anapangidwa. Malawi ali mu SADC ndi COMESA, ndipo katundu wopangidwa m'mayiko a m'magulu amenewa amatha kulowa pa dyute yotsika kapena popanda dyute, koma pamafunika satifiketi yotsimikiza kumene anapangidwa. Chofunika kumvetsa n'chakuti amaona kumene chinthu chinapangidwa, osati kumene chatumizidwira. Nsapato zopangidwa ku China zimene achimwene anu agula ku Joni n'kuzitumiza sizisanduka za ku South Africa, ndipo ngakhale dyute itachotsedwa, VAT imakhalapobe.

Pa mphatso ndinene mosabisa, chifukwa ambiri timakhumudwa napo. Mawu akuti mphatso sachotsa msonkho mwa iwo okha, ndipo chinthu chimene mwapatsidwa ulere chimakhalabe ndi mtengo pamaso pa akasitomu. Komanso mwayi umene munthu wapaulendo amapatsidwa wolowetsa katundu wake wochepa popanda msonkho, monga pamene akudutsa pa chipata cha Marka kapena kutsika ndege ku Chileka, ndi wa munthu amene wabwera ndi katundu wake. Musauyembekezere pa phukusi lobwera lokha.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani invoisi ya kampani mzere ndi mzere

Mukachotsa msonkho pa ndalama zimene akuitanitsa, zotsalazo ndi za kampani. Kwa ine zinatsala K46,600, ndipo zinali m'mizere itatu. Mzere woyamba unali K30,000 yolembera ndi kulowetsa chikalata kwa akasitomu, ntchito imene ejenti wokiliya katundu amagwira. Wachiwiri unali K10,000 chifukwa chakuti anandilipirira msonkho ndi ndalama zawo ndisanawapatse zanga. Pa invoisi malipiro otere amalembedwa Disbursement kapena Advance payment, ndipo makampani ena amawawerengera ngati peresenti ya msonkhowo, ndi mlingo wotsikitsitsa umene sangapite pansi pake. Wachitatu unali K6,600, VAT ya pa ntchito ziwirizo. VAT imeneyi inandisokoneza poyamba chifukwa ndinkaona ngati ndikulipira kawiri, koma yoyamba ija inali ya nsapato, iyi ndi ya ntchito ya kampani. Malipirowa amasiyana kampani ndi kampani, choncho musawatenge ngati mitengo yokhazikika. Chofunika n'chakuti mzere uliwonse ukhale ndi dzina, ndipo mufunse tanthauzo la uliwonse umene simukuumva.

Mzere umene muyenera kuuopa ndi wa malo osungira katundu, wolembedwa Storage. Kampani imapereka masiku ochepa aulere, kenako imayamba kuwerengera tsiku lililonse, ndipo ife akuchigwa ndi amene timagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri. Foni ikhoza kukhala yozima masiku awiri chifukwa cha magetsi, uthenga ukhoza kupita pa nambala yakale imene wachibale anasunga, ndipo m'nyengo ya mvula msewu wa M1 ukaduka munthu wa ku Nsanje sangafike ku Blantyre ngakhale atafuna. Funsani pa foni yoyamba yomweyo kuti masiku aulere akutha liti ndipo pambuyo pake tsiku ndi ndalama zingati, n'kulemba tsikulo penapake.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati mwapeza cholakwika, tsutsani musanalipire

Kukonza chikalata katundu asanatuluke n'kosavuta kuposa kuitanitsa ndalama zimene zalowa kale m'thumba la boma. Sonkhanitsani umboni wa mtengo weniweni: lisiti la sitolo, chithunzi cha oda ya pa intaneti chosonyeza mtengo ndi tsiku, komanso umboni wa banki kapena wa khadi wosonyeza ndalama zimene zinachoka. Umboni wa banki ndi umene umalemera kwambiri, chifukwa invoisi aliyense akhoza kuilemba. Lembani kalata yaifupi kapena imelo ku kampani, mutchule nambala ya phukusi, chimene chalakwika ndi chimene chiyenera kulembedwa, ndipo mupemphe kuti apereke pempho lokonza chikalata kwa akasitomu. Kampani payokha ilibe mphamvu yotsitsa msonkho, choncho kukalipira kalaliki wake n'kutaya nthawi. Ntchito yake ndi kunyamula umboni wanu kupita nawo kwa ofisala. Ngati ofisala wakana ndipo mukuonabe kuti muli ndi umboni, muli ndi ufulu wolembera mkulu wa ofesi ya akasitomu imene phukusi lili, ndipo pamwamba pake pali mkulu wa bungwe lonse la MRA ku Msonkho House ku Blantyre.

Komabe yezani kaye phindu lake. Ngati kusiyana kuli K8,000 pamene malo osungira akudya ndalama tsiku lililonse, kudikira sabata ziwiri kukhoza kukuwonongerani zambiri kuposa zimene mukufuna kupulumutsa. Ine ndimaona kuti kutsutsa n'koyenera pamene mtengo wakwezedwa moonekeratu, pamene ndalama ya dziko lina yasokonezedwa, kapena pamene katundu waikidwa m'gulu losayenera, ndipo pa zonsezi mupemphe molemba kuti aimitse kuwerengera za malo osungira ngati kulakwitsa kuli kwa iwo.

Nthawi zina phukusi limaima osati chifukwa cha ndalama koma chilolezo. Mankhwala amafuna chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, mbewu ndi zomera zimafuna cha unduna wa zaulimi, ndipo zida zina za mauthenga zimafuna kuvomerezedwa ndi MACRA. Pamenepa kulipira msonkho sikutulutsa katundu, ndipo munthu amene akulonjeza kuti "akonza" mukamupatsa kangachepe akukulowetsani m'mlandu.

Mukhozanso kukana phukusi ngati msonkho wakupitirirani mphamvu, koma dziwani zotsatira zake. Kulibweza kumene lachokera kumafuna wina alipire ulendo wobwerera, umene nthawi zambiri umagwera wotumiza, ndipo katundu amene wangosiyidwa osatengedwa amadzagulitsidwa ndi akasitomu pa okushoni nthawi yake ikakwana. Kambiranani ndi wotumiza musananene mawu omaliza ku kampani.

Chachisanu ndi chitatu: lipirani ndi kulandira

Lipirani ku akaunti ya banki ya kampani imene yalembedwa pa invoisi, kapena pa kauntala ya ofesi yawo, ndipo pa malo a chizindikiro cha malipiro mulembe nambala ya phukusi kuti ndalama zanu zisasochere pakati pa za ena. Ngati akulola kulipira pa foni, onetsetsani kuti dzina limene likutuluka musanatsimikize ndi la kampani. Ine ndinalipira pa banki kuno ku Nchalo n'kutumiza chithunzi cha lisiti, ndipo sindinakwere n'komwe mtunda wa Thabwa. Musanalipire funsaninso kuti phukusi lifika pati, chifukwa adiresi zathu zambiri ndi za bokosi la positi kapena za sukulu ndi tchalitchi, ndipo si kampani iliyonse imene imatsika kuchigwa tsiku lililonse. Ena amalisiya kwa ejenti wawo pa Dyeratu kapena pa Nchalo, ena amafuna mukatenge nokha ku Blantyre, ndipo ngati pali ndalama zina za ulendo wotsikira kuno, zimenezo si msonkho ndipo ziyenera kulembedwa padera. Mukatuma munthu wina, mupatseni kalata yomuloleza, chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika ndi lisiti, ndipo iye atenge chiphaso chake.

Ngati phukusi labwera pa positi, njira yake ndi yaifupi: mumalandira kapepala kapena uthenga wokuitanani, ndipo ngati akasitomu aikapo msonkho mumalipira musanalitenge, pamodzi ndi kandalama ka positi ofesi. Masamu ake ndi omwe aja, ndipo lisiti la msonkho muliitanitse chimodzimodzi.

Polandira, yang'anani bokosi musanasaine. Tepi yachilendo pamwamba pa yoyamba si chinthu choopsa, chifukwa akasitomu ali ndi mphamvu yotsegula ndi kuona, koma tsegulani pamaso pa amene wabweretsa ndi kuwerenga zinthu poyerekeza ndi invoisi ya wotumiza. Chikasowa china kapena chikaphwanyika, lembani pa pepala limene mukusainalo, jambulani bokosi ndi zam'kati, ndipo dziwitsani kampani tsiku lomwelo, popeza madandaulo otere amakhala ndi masiku owerengeka. Sungani pamodzi pepala la akasitomu, invoisi ndi lisiti, makamaka ngati katunduyo ndi foni, laputopu kapena zogulitsa, pakuti ndi umboni wakuti analowa mwalamulo.

Kwa wotumiza, ulendo wina

Nsapato zitafika, ndinamulembera mchemwali wanga zimene achite akadzatumizanso. Alembe dzina lenileni la chinthu chilichonse, chiwerengero chake, chimene chinapangidwa nacho ndi mtengo wake woona, monga nsapato zothamangira za ana, za nsalu pamwamba, mapeyala atatu, madola 40 peyala iliyonse. Aike lisiti limodzi m'bokosi ndi kunditumizira chithunzi cha linalo. Alembe nambala ziwiri za foni, yanga ndi ya mayi a kunyumba, kuti imodzi ikazima ina ilire. Afunse mtengo wa DDP asanasankhe, ndipo ngati sangakwanitse andiuze mtengo wa katundu ndi wa ulendo phukusi lisananyamuke, kuti ndiwerengere pafupifupi theka la zonsezo ngati msonkho, ndionjezepo za kampani, kenako tione ngati n'kwanzeru kutumiza nsapatozo kapena kungotumiza ndalama kuti ndikagule ku Limbe. Pa jekete la sukulu limene ankafuna kutumiza mu Juni, tinawerengera limodzi pa foni, ndipo anatumiza ndalama.